Lole Yonyamuka Mochedwa: Bwana Pakati pa Antchito Awiri Osamwerana Madzi

Pantchito pakakhala anthu awiri osamwerana madzi, woyamba kudziwa amakhala mlonda wa pageti. Kenako amadziwa mayi wophika tiyi, kenako aliyense. Bwana amamva pomalizira, ndipo kawirikawiri amamva kwa mmodzi wa awiriwo, amene walowa mu ofesi, watseka chitseko bwinobwino, n'kuyamba ndi mawu akuti, "Bwana, ine sindimafuna kulankhula, koma zafika posauzana."

Bwanayo asanatsegule n'komwe pakamwa, sikelo yake yapendekeka kale. Nkhani imene waimva poyamba ndiyo imakhala ngati nkhani yeniyeni, ndipo zonse zimene winayo adzanene zidzamveka ngati kudziteteza.

Tiyerekeze kampani yaing'ono yogawa katundu m'magolosale, yonga zimene zili mbwee ku Limbe ndi ku Lilongwe. Ili ndi antchito 18 ndi malole atatu, ndipo imagawa shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira. Mayi wina ndiye kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu. Makiyi amasunga ndi iyeyo, ndipo palibe katoni imene imatuluka iye asanasaine. Bambo wina ndi dalaivala wa imodzi mwa malolewo, wagwira pamenepo zaka 9. Miyezi 14 yapitayo, dalaivalayu atafika kwa kasitomala wina anapeza kuti makatoni awiri a mafuta palibe. Manijala anamudula ndalama zake pamalipiro a mwezi umenewo. Dalaivala ananena kuti makatoniwo sanakwezedwe n'komwe. Kalaliki ananena kuti anakwezedwa ndipo pepala lilipo.

Kuyambira tsiku limenelo dalaivala sanyamuka asanatsitse katundu yense n'kumuwerenganso katoni ndi katoni, mosafulumira, anyamata okweza akutuluka thukuta kawiri. Naye kalaliki amaonetsetsa kuti lole ya bamboyu ikwezedwe pomalizira. Lole yoyenera kutuluka 7 koloko imatuluka cha m'ma 10. Makasitomala akudandaula. Anyamata okweza agawikana, ena a mayi, ena a bambo. Ndipo kuti zinthu zivute bwino, manijala amapemphera mpingo umodzi ndi kalaliki, koma kwawo n'kumodzi ndi dalaivala. Aliyense wa awiriwa ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti bwana ali kumbali ya mnzakeyo.

Mamanijala ambiri akafika apa amasankha kukhala chete, n'kumadziuza kuti awa ndi anthu akuluakulu, athana okha. Kukhala cheteko amakutcha kusakondera. Koma mkangano wa miyezi 14 sukhala wofanana mphamvu mbali zonse. Wina amakhala ndi makiyi, wina ndi pakamwa pakuthwa, wina ndi anzake ambiri. Bwana akangopenyerera, wapatsa mpata amene ali ndi chida chachikulu kuti apitirize kuchigwiritsa ntchito. Pakampani yathuyi, wosankha lole yoyamba kukwezedwa ndi kalaliki, choncho tsiku lililonse limene manijala wakhala chete, dalaivala amabwerera usiku.

Ena amasankha njira imene imaoneka yaukulu. Amaitana onse awiri, kuwakhazika pansi, kuwauza kuti nonse mwalakwa, khululukiranani, gwiranani chanza, tiyeni tipemphere. Pakatha mphindi 20 onse atuluka ndipo bwana mtima wake uli m'malo. Vuto lake n'lakuti palibe chimene chafufuzidwa. Amene analakwiridwa kwambiri amatuluka atauzidwa kuti kupweteka kwake n'kofanana ndi kwa amene anamupweteka, ndipo amene analakwa kwambiri amatuluka ataphunzira kuti mtengo wa zochita zake ndi kugwirana chanza basi. Akuluakulu adati mlandu suwola. Wokwiriridwa motere umadzafukuka pa maliro a wantchito mnzawo, kapena pa phwando la kumapeto kwa chaka, anthu atalawako pang'ono.

Bwana wofuna kuchita mwachilungamo ayambe wataya chiyembekezo choti onse awiri adzamuyamikira. Mu 1985 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Stanford ku America, Robert Vallone, Lee Ross ndi Mark Lepper, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wina wosavuta kumva. Anaonetsa ophunzira nkhani za pa wailesi yakanema zokhudza kuphedwa kwa anthu m'misasa ya othawa kwawo ku Beirut mu 1982. Ophunzira ena anali okonda mbali ya Aisiraeli, ena mbali ya Aluya. Onse anaonera zithunzi zomwezo ndi kumva mawu omwewo, koma gulu lililonse linatuluka likunena kuti atolankhaniwo anakondera gulu linalo. Munthu amene wakhazikika kuti iye ndiye wolakwiridwa amaona aliyense woima pakati ngati waima kutsidya. Choncho manijala amene akuyeza chilungamo chake poona nkhope za awiriwa adzangokhalira kusinthasintha, lero kusangalatsa uyu, mawa uyo.

Choyezera chabwinopo chinachokera kwa anthu ena awiri a ku America komweko, John Thibaut wa maphunziro a maganizo a anthu ndi Laurens Walker wa zamalamulo. M'buku lawo la mu 1975 anaonetsa kuti pozenga milandu anthu sayang'ana chigamulo chokha. Amayang'ananso ngati anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yawo mokwanira, ndipo amene anapatsidwa mpatawo amaona kuti mlandu wayenda bwinoko ngakhale chigamulo chitawaipira. Amene anakhalapo pabwalo la mfumu sangadabwe nazo. Wodandaula amalankhula mpaka kumaliza, woyankha naye chimodzimodzi, mboni zimalankhula, nduna zimafunsa, ndipo mfumu imalankhula pomalizira. Mfumu yoyamba ndi kunena maganizo ake anthu amati yadya kale.

Ndiye manijala wathu uja ayambira pati? Ayambire pa iye mwini. Adzifunse kuti pa awiriwa ndani amalowa mu ofesi mwake osagogoda, ndani amakwera galimoto yake pobwerera kunyumba, ndani anamubwerekapo ndalama. Kupemphera mpingo umodzi kapena kuchokera boma limodzi sikumuletsa kumva nkhaniyi, bola anene poyera kwa onse awiri kuti akudziwa zimene anthu akunong'onezana, ndiponso kuti nkhaniyi siikambidwa panja pa tchalitchi kapena pa msonkhano wa anthu akumudzi. Koma ngati mmodzi ndi mlamu wake, kapena pali ngongole yaikulu pakati pawo, kapena chibwenzi, apereke nkhaniyo kwa manijala wina kapena kwa mwini kampani. Pamenepo ngakhale atagamula molungama chotani, palibe angakhulupirire.

Kenako akumane ndi aliyense payekha. Tinthu ting'onoting'ono apa timalemera kuposa mawu. Akumane nawo tsiku limodzi, m'chipinda chimodzimodzi, nthawi yofanana, tinene mphindi 40 aliyense. Akakumana ndi kalaliki Lolemba n'kudzakumana ndi dalaivala Lachinayi, masiku atatuwo kampani yonse idzakhala itagamula kale. Mafunso akhale omwewo ndipo awalembe asanayambe: chinachitika n'chiyani, liti, panali ndani, ntchito yanu ikuvutika bwanji, ndipo mukufuna mnzanuyo asinthe chiyani chimene maso angaone. Alembe mayankho, pomaliza awerengere mwiniwake kuti avomereze kuti ndi zimene wanenadi.

Chovuta kwambiri m'chipinda chimenecho ndi mutu wa bwana. Mutu umagwedera wokha. Munthu akamafotokoza mopweteka mtima, womvera amapezeka wanena kuti "Aaa, zoona, ameneyo ndi wovuta," pongofuna kumutonthoza. Mawu amenewo amatuluka pakhomo mwiniwake asanatuluke. Bwana angathe kunena kuti, "Ndamva, mayi, ndipo ndalemba," osawonjezera kuti wavomereza. Asalonjezenso kusunga chinsinsi chonse, chifukwa dandaulo limene woyankha sangalimve sangaliyankhenso. Anene poyambirira kuti zimene zikukhudza ntchito adzazifikitsa kwa winayo.

Pamapepala awiri amene watuluka nawo mudzakhala zinthu zosakanikirana ngati nyemba ndi miyala, ndipo ntchito yeniyeni ndi kusankha. Katswiri wina wa za kayendetsedwe ka ntchito, Karen Jehn, m'kafukufuku wake wa mu 1995 anasiyanitsa kukangana pa ntchito yeniyeniyo ndi kudana kwa anthu. Mkangano wautali umayamba ngati woyambawo n'kusanduka wachiwiri. Dalaivala sakunenanso kuti makatoni awiri sanakwezedwe, akunena kuti "mayi aja ndi akuba." Kalaliki sakunenanso kuti kuwerenga kawiri kukuchedwetsa ntchito, akunena kuti "bambo aja ndi amwano, sanandionepo ngati munthu." Bwana alibe njira yoyezera ngati munthu ali wamwano. Angathe kuyeza nthawi imene lole inatuluka. Choncho chiganizo chilichonse chonena za khalidwe achibweze ndi funso: anachita chiyani, tsiku liti, pamaso pa yani? Chimene chilibe tsiku kapena mboni chikhale pambali. Sikuti n'chabodza, koma palibe chogamulirapo.

Pena pamatuluka mawu ena amene bwana ayenera kuwadula msanga. Mkangano ukatalika, wina akadwala kapena mwana wake akadwala, pamamveka kuti "akundiyenda pansi." Lamulo la za ufiti la mu 1911, limene Malawi anatengera kwa atsamunda, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Bwana safunika kutsutsana ndi munthu pa zimene amakhulupirira. Angomuuza momveka kuti mawu amenewo sanenedwa pakampani pano, ndipo akanenedwanso adzatengedwa ngati kulakwa pantchito.

Zotsalazo azitengere ku mabuku. Kampani iliyonse, ngakhale yaing'ono, imakhala ndi mboni zosalankhula: buku la mlonda la pageti, mapepala otulutsira katundu, buku losainira pofika, malisiti a mafuta a galimoto. Manijala wathu atatenga buku la pageti anapeza kuti pa masiku 30 ogwira ntchito apitawo, lole ya bamboyu inatuluka 9 koloko itadutsa masiku 22, pamene malole ena awiri anatuluka 8 koloko isanakwane pafupifupi tsiku lililonse. M'buku lakale, mkangano usanayambe, malole atatuwo ankasinthana kutsogola. Pamenepo kalaliki sangathenso kunena kuti zimangochitika. Anyamata okweza, atafunsidwa mmodzimmodzi, anavomereza kuti kutsitsa ndi kuwerenganso kumadya pafupifupi mphindi 45, ndiponso kuti kawiri konse dalaivala anatchula kalaliki kuti wakuba iwo akumva. Dalaivala sanakane.

Kufunsa anyamatawa n'kofunika kusamala nako. Afunsidwe zimene anaona ndi kumva, osati kuti wolakwa ndani. Bwana akayamba kuwerenga kuti ali kumbali ya mayi ndi angati, ali kumbali ya bambo ndi angati, wasandutsa mlandu kukhala chisankho, ndipo wopambana adzakhala amene amagulira anzake zitumbuwa.

Pepala limene linamuvuta manijala kuliyang'ana linali la tsiku la makatoni lija. Panali siginecha imodzi yokha, ya kalaliki. Dalaivala sanalipo pokweza, chifukwa manijala yemweyo anali atamutuma kukatenga tayala kogamulitsa. Nthawi imeneyo pakampanipo panalibe lamulo loti dalaivala aziwerenga nawo n'kusaina. Kunena kwina, palibe munthu angadziwe ngati makatoniwo anatsala m'nyumba, anatsitsidwa panjira kapena anawonjezeredwa kwa kasitomala wina mosadziwa. Komabe manijala anadula malipiro a munthu mmodzi tsiku lomwelo, osamufunsa.

Izi sizachilendo. Mikangano yambiri yokhalitsa pantchito imamera pa mpata umene bwana anausiya: ntchito imene sizidziwika kuti mwini wake ndani, malamulo awiri otsutsana, galimoto imodzi yoti anthu awiri azigawana popanda ndandanda, ndalama ya ulendo imene wina amalandira wina ayi popanda chifukwa cholembedwa. Antchito awiriwo sangakangane ndi bwana, choncho amakangana okhaokha. Manijala amene akufufuza moona mtima ayembekezere kupeza dzina lake m'mapepalamo.

Tsopano pali zolakwa zitatu, ndipo sizofanana kukula. Apa ndi pamene "nonse mwalakwa" amanamiza. Kuwachitira mofanana kunali pa kamvedwe ka mlandu: nthawi yofanana, mafunso ofanana, muyezo umodzi wa umboni. Zotsatira siziyenera kufanana. Kalaliki anagwiritsa ntchito udindo wake kulanga mnzake kwa miyezi yambiri, ndipo kampani inataya makasitomala. Dalaivala ananyoza mnzake pagulu ndi mawu amene kwa munthu wosunga makiyi angathe kumuchotsetsa ntchito, ndipo anadzipangira yekha lamulo lotsitsa katundu. Manijala analanga popanda umboni. Cholakwa chilichonse chikhale ndi yankho lakelake. Funso lothandiza bwana kudziyesa ndi ili: chikhala kuti anachita zimenezi ndi winayo, ndikanagamula chimodzimodzi?

Choyamba kukonza n'chake. Abweze ndalama anadula zija ndipo anene chifukwa chake. Koma asanatero aitane kalaliki n'kumuuza kuti, "Mayi, ndikubweza ndalama za bambo aja chifukwa ndinadula popanda umboni. Sindikunena kuti munatenga ndinu, ndipo ndidzanena zimenezi pamaso pawo." Akapanda kutero, kubwezako kudzamveka pabwalo lonse ngati chigamulo chakuti wakuba wapezeka.

Pokhapokha izi zitachitika m'pamene awiriwa angakhale m'chipinda chimodzi. Msonkhanowo usachitikire kumene mmodzi amalamulira, monga m'nyumba ya katundu, ndipo usapitirire ola limodzi. N'kwanzeru kulola aliyense kubwera ndi mnzake mmodzi wa pantchitopo kapena woimira bungwe la antchito ngati lilipo. Mabanja athu anadziwa kale ubwino wake: pa nkhani ya banja mbali iliyonse imakhala ndi nkhoswe yake, ndipo nkhosweyo kawirikawiri ndiye amakoka malaya a munthu wake akayamba kulankhula zopitirira. Bwana ayambe ndi zimene mabuku aonetsa, kuphatikizapo kulakwa kwake. Kenako aliyense alankhule osadulidwa, ndipo asanayankhe abwereze zimene mnzake wanena mpaka mwiniwake avomereze kuti wamvedwa. Poyamba zimaoneka ngati masewera a ana a sukulu, koma kwa anthu amene atha chaka akulankhulana kudzera mwa anyamata okweza, aka kangakhale koyamba dalaivala kumva kuti mwana wa kalaliki anafunsidwa kusukulu ngati amayi ake ndi akuba, ndi kalaliki kumva kuti mwezi wodulidwa uja dalaivala analephera kulipira lendi.

Bwana asafune zambiri. Sangalamule anthu kukondana, ndipo kupepesa kokakamiza kumangowonjezera chipongwe. Chimene angalamule ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo chilembedwe m'mawu oti mlonda angathe kuona ngati chikutsatidwa. Pakampani yathuyi anagwirizana kuti malole azikwezedwa motsatira ndandanda ya sabata imene manijala azipachika Lachisanu, kuti dalaivala aziima pomwepo pokweza n'kuwerenga kamodzi kokha, onse awiri n'kusaina pepala limodzi, ndiponso kuti pakasowa kanthu nkhani izipita kwa manijala tsiku lomwelo popanda wina kutchula mnzake dzina. Mawu ngati "tizilemekezana" sanalembedwe, chifukwa palibe angadziwe tsiku limene aphwanyidwa. Anaika tsiku lodzaonanso pakatha masabata anayi.

Onse awiri analandira chenjezo, koma losiyana. La kalaliki linali lolembedwa, chifukwa chake chinali chobwerezabwereza ndipo chinawononga malonda. La dalaivala linali lapakamwa, pamodzi ndi lamulo loti abweze mawu aja pamaso pa anyamata omwe anawamva. Manijala wina akanatha kuona kuti kutcha munthu wakuba pagulu n'kolemera kuposa apa, ndipo sakanalakwa. Chofunika n'chakuti athe kufotokoza chifukwa chake kwa onse awiri ndi mawu omwewo, ndiponso kuti chigwirizane ndi mmene analangira ena pa zolakwa zofanana m'mbuyomu.

Masabata otsatirawo ndiwo amayesa bwana kwambiri, chifukwa aliyense amayesa khomo lakumbuyo. Kalaliki adzamudikirira potuluka m'tchalitchi. Dalaivala adzatumiza uthenga pa WhatsApp usiku, woyamba ndi "achimwene" m'malo mwa "bwana." Yankho likhale limodzi kwa onse: "Bwerani nazo ku ofesi mawa, ndipo mnzanuyo adzazimva." Bwana asakhale mtenga wonyamula mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, chifukwa akatero awiriwo sadzaonanso chifukwa cholankhulirana. Asamalenso ndi mphatso zazing'ono za udindo wake, monga ulendo wa kutali wokhala ndi alawansi, tchuthi cha Khirisimasi kapena foni yatsopano ya kampani. M'nyengo imeneyi chilichonse chimawerengedwa ngati chigoli, choncho chiperekedwe motsatira ndandanda yodziwika kwa onse.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti zinthu zapendekeka ngakhale pabwalo pali bata. Mmodzi akasiyiratu kudandaula mwadzidzidzi, n'kumangoti "zili bwino, bwana" maso ali pansi, kawirikawiri sikuti wakhutira, wangoona kuti kulankhula n'kutaya nthawi. Akayamba kudwaladwala Lolemba, kapena kupempha kalata yomuchitira umboni, ali m'njira yochoka. Bwana akapeza kuti zonse zimene amadziwa za mmodzi anazimva kwa winayo, kapena kuti akaona dzina la mmodzi pafoni mtima umatsika asanamve n'komwe nkhani, adziwe kuti wasankha kale mbali.

Njira yonseyi ili ndi malire, ndipo bwana wosawadziwa angachite choipa chachikulu akuganiza kuti akuyanjanitsa. Nkhani zina zimavala malaya a mkangano koma sizili mkangano. Ngati pansi pake pali mwamuna amene anafunsira mnzake wa pantchito, atakanidwa n'kuyamba kumuzunza, kuwakhazika pamodzi kuti agwirane chanza n'kumupereka wodandaulayo m'manja mwa womuzunza. Ku Malawi lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pantchito ndi kwina, ndipo nkhani yotere imafuna kufufuza ndi chilango. Chimodzimodzi ngati pali kuopseza, kumenya, kuba kokhala ndi umboni, kapena kunyozana chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali kapena matenda. Ndiponso ngati mmodzi ndi kapitawo wa mnzake, awiriwo sakukangana pa bwalo losalala, popeza wina ndiye amalemba lipoti la mnzake.

Nanga mgwirizano ukalephereka? Mabwana ambiri amathamangira kusamutsa mmodzi, ndipo amasankha wosavuta kusamutsa, amene kawirikawiri ndi wamng'ono paudindo kapena wofatsa. Kwa onse oonerera, wosamutsidwayo ndiye waluza. Ngati palibe kuchitira mwina, chifukwa chake chikhale cha ntchito, chilembedwe, ndipo malipiro ndi udindo wa munthuyo zisatsike. Ena amati njira yachidule n'kuchotsa onse awiri kuti pasakhale wonena kuti wakonderedwa. Lamulo siliona choncho. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa mwachilungamo pantchito. Lamulo la ntchito la mu 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena luso, ayambe wapatsidwa mpata woyankha zimene akumunenera. Aliyense wa awiriwa amayankha mlandu wakewake. "Amakangana ndi mnzake" pakokha n'chifukwa chofooka, pamene "anaphwanya ndandanda yokwezera katatu atachenjezedwa" ndi chinthu chokhala ndi masiku ndi mapepala.

Lamulo lomwelo pa gawo 56 limalola chenjezo lolembedwa, kuimitsa pantchito ndi kutsitsa paudindo, koma limaletsa kulipiritsa wantchito chindapusa, ndipo mipata yodulira malipiro ndi yochepa. Gawo 60 limati wantchito amene wasiya yekha chifukwa zochita za bwana zafika poti sangapirire angathe kuonedwa ngati wachotsedwa mosayenera. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la milandu ya zantchito. Kumeneko amene amayenera kuonetsa chifukwa chochotsera ndi wolemba ntchito. Mapepala aja a mafunso ofanana, buku la pageti ndi mgwirizano wosainidwa ndiwo adzayankhe m'malo mwake.

Pakampani yathu sizinafike kumeneko. Masabata anayi atakwana, manijala anayamba watenga buku kwa mlonda asanaitane aliyense. Pa masiku 20, lole ya bambo uja inatuluka 8 koloko isanakwane masiku 17. Pa masiku atatu otsalawo, awiri inachedwa chifukwa cha batire, ndipo tsiku limodzi kalaliki anailumpha pandandanda, akuti mwangozi. Manijala analemba tsikulo n'kumuuza kuti walemba. Dalaivala naye anabweza mawu aja pamaso pa anyamata, ngakhale anawabweza akuyang'ana matayala.

Moni sapatsanabe. M'mawa kalaliki amaima kumanzere kwa lole ndi pepala, dalaivala kumanja manja ali m'thumba, anyamata akuwerenga mokweza mawu. Akafika pa katoni yomaliza, mayi amasaina n'kuika cholembera pa bampala, bambo n'kuchitola pamenepo.